Nyimbo yanga ya umboni akuti ikumveka ngati ndikudzitama, ndithandizeni

Alito wa ku Chilomoni: Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri. Ena mukudziwa kuti ine ndi bambo akunyumba tinakhala zaka 9 opanda mwana, chaka chatha Mulungu anatipatsa wamkazi. Mwezi wamawa tili ndi mwambo wothokoza kutchalitchi ndipo ndinalemba nyimbo yoti kwaya yathu idzayimbe ine ndikutsogolera. Dzulo ndinamuyimbira mng'ono wanga iye nkungoti asisi, iyi si yothokoza, iyi ndi yonyoza. Zandipweteka ndithu moti sindinagone bwino. Mawu ake ndi awa

Ndinasala masiku makumi awiri ndi limodzi
Ndinapemphera usiku ena ali m'tulo
Amene ankandiseka lero ali kuti
Onani ndabereka, achita manyazi

Korasi yake imangoti ndine wodalitsika, ndine wokonderedwa, kubwereza kanayi. Chalakwika nchani apa? Zonsezi zinachitikadi, palibe bodza.

Mnyamata wa Moto: Amayi musasinthe ngakhale chilembo chimodzi!! Chivumbulutso 12:11 imati anamugonjetsa ndi mwazi wa Mwanawankhosa komanso mawu a umboni wawo. Satana safuna umboni nchifukwa chake akutumiza anthu oti akufooketseni. Hana naye atabereka Samueli anayimba za adani ake, werengani 1 Samueli 2. Anthu anakusekani poyera, Mulungu akuyankheni poyera basi

Alito wa ku Chilomoni: kkkk mng'ono wanga sanatumidwe ndi satana achimwene, ndi amene ankandiperekeza kuchipatala zaka zonsezi

Wa Kiyibodi: Ine za uzimu ndisiyira akuluakulu koma mzere woyambawo uli ndi masilabulo 17 pomwe wachitatu uli ndi 14. Mukayimba nokha kubafa zimatheka chifukwa mumathamangitsa pomwe mukufuna, koma anthu 25 sangathamange limodzi pa "makumi awiri ndi limodzi", asopulano afika ku limodzi abesi ali pa makumi. Mzerewo ngakhale ukhale woyera chotani uyenera kudulidwa.

Aphunzitsi a Kwaya: Amayi zikomo potikhulupirira ndi nkhani yanu, ndipo tikuthokoza nanu chifukwa cha mwanayo. Ndiyambe ndi Hana poti watchulidwa kale. Mnyamata wathuyu sananame, vesi yoyamba ya pemphero lija imatchuladi adani. Koma pitirizani kuwerenga mpaka vesi 10. Dzina la Penina mulibemo, pomwe ndi amene ankamuputa chaka ndi chaka. Dzina la Samueli mulibemonso. Hana wadzitchula mu vesi yoyamba yokha, zotsalazo akunena za Yehova, kuti amasaukitsa nalemeretsa, amatsitsa nakweza. Vesi 3 ndiye ikuchita kuletsa kulankhula modzikuza.

Tsono yang'anani mizere yanu inayi muone amene akuchita zinthu ndani. Ndinasala, ndinapemphera, ndabereka. Winayo amene akuchitapo kanthu ndi adani, ankaseka kenako achita manyazi. Mulungu sanachite kalikonse m'vesi yonseyo, ngakhale kutchulidwa. Ine ndikapatsidwa nyimbo ya umboni ndimatenga cholembera nkulemba mzere pansi pa mneni aliyense, kenako ndimawerenga angati akuyamba ndi ndi- kapena nda- ndipo angati ali ndi -ndi- pakati ngati munandigwira, mwandikumbukira. Chichewa chathu sichibisa pamenepa, mawu amodzi omwewo amakuuza wochita ndi wochitiridwa.

Mnyamata wa Moto: Ndiye ndi zophweka aphunzitsi, angosintha ndabereka ikhale mwandipatsa mwana, nkhani yatha

Aphunzitsi a Kwaya: Ayi mwana wanga, kuwerenga kuja kumangoonetsa pamene pali matenda, sikuchiza. Mfarisi wa pa Luka 18 naye anayamba pemphero lake ndi kuthokoza Mulungu. Chomwe anathokozera nchakuti sali ngati anthu ena, kenako anatchula kuti amasala kawiri pa sabata ndipo amapereka chakhumi. Uonenso vesi ya amayiwa, kusala kulimo, ena ogona pamene iwo akupemphera alimo. Ukhoza kuyika mwandi- m'mizere yonse, mwandipatsa ichi mwandipatsa icho, koma ngati womvera akutuluka ndi ganizo loti mayiyu analandira chifukwa anapemphera kuposa ife, nyimboyo ikutamandabe woyimba.

Amayi a Mvano: Mwanawe ndikufunse chinthu chimodzi usakhumudwe. Masiku 21 amenewo unasala chaka chiti

Alito wa ku Chilomoni: Mmm. Chinali chaka chachinayi tili pabanja amayi

Amayi a Mvano: Ndiye mwana wabwera patapita zaka zina zisanu. Pakati pamenepo panachitika chani

Alito wa ku Chilomoni: Kunena zoona nditamaliza kusala ndinkayembekezera kuti mwezi womwewo zitheka, sizinatheke, chaka chinacho sizinathekenso. Cha m'ma chaka cha 6 ndinangosiya kupempherera nkhaniyi. Kutchalitchi ndinkapita, kwaya ndinkayimba koma za mwana sindinkatchulanso kwa Mulungu, ndinali nditamukwiyira. Chaka cha 8 mng'ono wanga uja anandikakamiza kukapanga sikani nkupezeka kuti ndili ndi zotupa m'chiberekero, anandipanga opaleshoni, patapita miyezi ingapo ndinaima. Aaa ndikulemba izi ndikuona ndekha kuti nyimbo ija yalumpha zaka zisanu

Amayi a Mvano: Eya. Mzere uliwonse pawokha ndi woona koma utawasanja choncho akunena kuti ndinasala ndiye ndinabereka, zomwe sizinachitike. Ine ndakhala m'misonkhano ya amayi zaka zambiri, umboni wambiri umene umawawa anzathu si wabodza ayi, ndi wodula. Munthu amachotsa zaka zimene anafooka, amachotsa adokotala, amachotsa m'bale amene anamugwira dzanja, otsala ndi iye yekha ndi mphamvu zake.

Wa ku Joni: Nkhaniyi yandikhudza. Inenso ndinapanga nyimbo ya umboni chaka chatha, ndinabwera kuno ndili ndi kachikwama kamodzi ndinkagona pansi m'chipinda cha anthu 6 pano ndamanga nyumba kumudzi ya malata 48 ndili ndi ka galimoto. Vidiyo tinajambulira pa nyumbapo. Abale anga akuti ndikudzionetsera koma ine ndimati munthu akaona nyumba ndi pamene akhulupirire kuti Mulungu amatha, umboni wopanda chooneka ndi nthano chabe. Asisi inu mudzangonyamula mwanayo m'manja poyimba anthu adzaona okha. Komanso ngati pali amene akudziwa situdiyo yotchipa ku Lilongwe andiuze ndikubwera Disembala

Wa Kiyibodi: Malata 48 munawayikanso mu nyimbo achimwene? kkkkk

Wa ku Joni: Mu vesi yachiwiri kkk koma imakoma

Aphunzitsi a Kwaya: Achimwene a ku Joni mwagwira mbali imodzi yoona, nyimbo ya umboni imafunadi chinthu chooneka ndi maso. Zongoti ndinali m'mavuto mwanditulutsa aliyense anayimbapo ndipo sizigwira mtima wa munthu. Pomwe tisiyane ndi poti chooneka chija muchiyike mbali iti. Inu pa nkhani yanu yonse chimene chandigwira ine ndi chipinda cha anthu 6 ndi kachikwama kaja, osati malata. Mu Salmo 40 wolembayo wachita kutionetsa dzenje ndi matope ake, koma za kupulumuka wangoti mapazi anga anawaimika pa thanthwe, nandipatsa nyimbo yatsopano. Sanawerenge zimene anapeza atatuluka. Tsatanetsatane muziika kudzenje, ku dalitso mawu ochepa akwana.

Amayi a alito, pa zaka 9 zija pali chinthu chimodzi chogwirika ndi manja chimene mukachiona mumakumbukira zonse? Osati maganizo, chinthu.

Alito wa ku Chilomoni: Shawelo. Ndinagula shawelo yoyera ku Limbe miyezi itatu chikwatire, ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti chaka chisanathe ndiifuna. Ndinaiyika pansi penipeni mu sutikesi ili mu pulasitiki yake. Tasamuka nyumba katatu ili momwemo. Mng'ono wanga atabereka wake woyamba ndinaitulutsa kuti ndimupatse, ndinafika nayo mpaka pa siteji ya minibasi nkubwerera nayo kunyumba, ndinakamugulira ina. Tsiku lotuluka kuchipatala ndi mwanayu inali itachita chikasu m'mapindiro mwake chifukwa chokhalitsa koma ndinamufunditsa yomweyo

Amayi a Mvano: Nyimbo ndi imeneyotu mwanawe

Wa Kiyibodi: Dikirani ndiyese, ndikufuna mizere ya masilabulo 9 yonse

Shawelo ija ndinagula
Inagona mu sutikesi
Zaka zisanu ndi zinayi
Mapemphero ndinawasiya

Werengani ndi zala, sha-we-lo-i-ja-ndi-na-gu-la, 9. Yonse inayi ikukwana 9 ndiye chuni chimodzi chikhala bwinobwino pa mizere yonse. Chinanso, mawu athu timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, ndinaGUla, sutiKEsi, ziNAyi, ndiye noti yaitali ya kumapeto kwa mzere igwere pamenepo. Mukaikokera pa silabulo yomaliza zimamveka ngati nyimbo yachizungu yomwe angoiveka Chichewa.

Mnyamata wa Moto: Koma mzere wachinayiwo ayi. Mungaime kutsogolo kwa mpingo nkumayimba kuti ndinasiya kupemphera? Achinyamata akamva aziti kupemphera kulibe ntchito poti amayi aja anasiya koma analandirabe. Umboni uzilimbikitsa anthu kupemphera osati kuwafooketsa. Komanso sutikesi mu nyimbo ya Mulungu zikumveka zachibwana

Aphunzitsi a Kwaya: Nkhawa yako ya achinyamata si yopusa, ndipo mzerewo ukanakhala womaliza m'nyimbo ndikanagwirizana nawe. Koma korasi ikubwera kudzauyankha. Salmo 73 wolemba akuvomera poyera kuti mapazi ake anatsala pang'ono kuterereka ndipo ankachitira nsanje anthu oipa, ndipo ili m'buku lomwelo timawerenga pa guwa. Mzere umenewo ndi umene ukuchotsa kudzitama konse, chifukwa munthu amene wavomera kuti anasiya sangatinso ndinalandira chifukwa cha khama langa.

Chenjezo lokha nlakuti kufooka nakonso anthu amadzitama nako. Munamvapo umboni wa munthu amene amatha mphindi 20 akufotokoza mmene ankamwera, akazi amene anali nawo, mmene ankaopedwera mtauni, kenako mphindi imodzi ya Yesu? Ameneyo akunyadira mbiri yake yakale. Ndiye mzere umodzi wa kusiya mapemphero wakwana, musaonjezere wina.

Za sutikesi ine ndilibe nayo vuto, azimayi onse m'tchalitchimo ali nayo ndipo akudziwa zimene zimasungidwa pansi pake.

Alito wa ku Chilomoni: Ndakhala ndikung'ung'udza kukhitchini kuno, korasi ikubwera chonchi

Munandimva ndili chete
Simunatope nane Mbuye

Sindikudziwa ngati zili bwino koma ndi zimene zinachitika, nthawi imene sindinkalankhula nkomwe ndi imene zinthu zinayamba kuyenda

Aphunzitsi a Kwaya: Imeneyo ndi korasi. Yesani chonchi, tengani munthu wina aliyense wa mumpingo, wamasiye, wa ulova, wodwala, muone ngati angaiyimbe osanama. Ndine wokonderedwa sakanatha kuyimba, akanangokuonererani inu mukuyimba. Iyi atha. Vesi ndi yanu, korasi ndi ya mpingo. Ndipo mwina simunazindikire, pa 1 Samueli 1:13 Hana ankapemphera milomo yokha ikugwedezeka mawu osamveka mpaka Eli anamuyesa woledzera. Mwafika kwa Hana yemwe uja koma polowera khomo lina.

Wa Kiyibodi: Woyambawo ndi 8 wachiwiri 9, palibe vuto mu korasi, pa "chete" tidzakoka che- mabiti awiri nkusiya kampata zida zonse zitakhala zii kenako abesi alowe. Koma tempo itsike amayi. Ija munanditumizira pa foni sabata yatha inali yovina, mawu awa pa biti imeneyo sangakhale.

Mlongo wa Kumbuyo: Ine sindilankhulalankhula pano koma lero ndilankhule. Ndili pabanja zaka 12 ndipo ndikudikirabe. Nyimbo za umboni ngati izi ndazimva zambiri ndili pa benchi, ndimaombera m'manja ngati wina aliyense kenako ndimakalirira kuchimbudzi cha kutchalitchi. Asisi vesi yanu yoyamba ija ndikanaimva ndikanadzifunsa kuti ndiye ine ndinasala masiku ochepa? Ya shawelo iyi yandiliza koma kulira kwina, inenso ndili ndi yanga. Pempho langa ndi limodzi. Anthu akafuna kuoneka odzichepetsa amaika vesi yomaliza yoti nawenso usadandaule nthawi yako ikubwera, mawa ndi iwe. Chonde musaike. Inu simukudziwa ngati ikubwera, ndipo ukamayimbiridwa choncho ndi munthu wanyamula mwana anthu onse amatembenuka kukuyang'ana iwe.

Alito wa ku Chilomoni: Asisi zikomo, ndipo ndikuvomera kuti vesi imeneyo ndinali nditayamba kale kuilemba. Ndaifufuta

Mnyamata wa Moto: Pepani asisi sindinaganize mbali imeneyo. Koma funso langa lilipobe, ndiye nyimbo isapereke chiyembekezo kwa ena? Salmo 40 yomwe aphunzitsi atchula imati ambiri adzaona nakhulupirira Yehova

Mlongo wa Kumbuyo: Adzaona okha achimwene, sanati ndidzawalozera chala. Korasi ija ndikhoza kuyimba nawo, yandikwanira

Amayi a Mvano: Tibwerere kwa adani aja poti sitinamalize. Mwanawe amene ankakuseka ndi ndani, usatchule maina

Alito wa ku Chilomoni: Achibale a kuchimuna, makamaka awiri. Ndipo adzakhalapo tsikulo, tawaitana

Amayi a Mvano: Ndiye mpingo wonse udzadziwa kuti mzerewo ukupita pa benchi iti. Imeneyo si nyimbo yothokoza, ndi ija timayimba pamtondo tikufuna mnzathu wa nyumba yoyandikana amve. Bambo akunyumba adzakhala pakati, uku mkazi akuyimba uko alongo awo akuyang'ana pansi. Ndipo mwanayo adzakula nyimbo ilipo, mafoni adzajambula, tsiku lina adzafunsa kuti amene ankakusekani ndi ndani. Kodi bambowo waawerengera mawuwa? Nkhani ya kusabereka ndi ya anthu awiri, sungaitulutse pagulu wekha.

Alito wa ku Chilomoni: Sindinawaonetse, ndimafuna idzakhale sapulaizi. Koma mwanena zoona ndiwaonetsa usiku uno. Chokhacho amayi, kusekedwa kunali gawo lalikulu la ululu wanga, ndikachotseratu ndiye ndadulanso nkhani ngati mmene munanenera poyamba paja

Aphunzitsi a Kwaya: Mwatigwira ndi mawu athu omwe kkk. Ululuwo ukhoza kukhalamo popanda oupereka. Mukhoza kunena zimene mawuwo anakuchitani inu, monga kuti munkaopa kupita ku zinkhoswe kapena kuti munkadutsa njira yakuseri, osanena kuti iwo ali kuti lero. Chimene chichoke ndi chigamulo chija, achita manyazi. Ine ndingatero. Koma ndikudziwa ena anganene kuti ngakhale zimenezo achibalewo adzadzimva, ndipo mwina nzoona, inu ndi amene mukuwadziwa.

Amayi a Mvano: Ine ndikuti zichoke zonse, shawelo yanena kale ululu wonse. Koma si nyimbo yanga

Wa ku Joni: Ine ndikuonabe kuti mukuwapanikiza asisiwa. Munthu wadikira zaka 9 msiyeni asangalale, avine, akuwe. Nyimbo mukupangayi ikhala ngati ya pamaliro

Wa Kiyibodi: Apa a ku Joni ali ndi mfundo. Tikhoza kuyamba pang'onopang'ono mavesi awiri, korasi ikabwera kachitatu ng'oma ilowe tikweze kiyi ndi sitepe imodzi anthu avine pa simunatope nane. Kuvina sikudzitama, bola mawu amene akuviniridwa akhale oti aliyense ndi ake. Zonse zisapitirire mphindi 5, vesi ziwiri basi, yachitatu anthu amakhala atasiya kumvera mawu.

Alito wa ku Chilomoni: Vesi yachiwiri ndikufuna mukhale mng'ono wanga ndi achipatala. Ndayesa izi

Munatuma mng'ono wanga
Nandikoka kukapimitsa
Manja a dokotala aja
Ndinaona ngati ndi anu

Kenako mzere wa shawelo ubwerere kumapeto kuti lero yafunda munthu. Mawu oti opaleshoni ndayesa kuwalowetsa akukana

Wa Kiyibodi: Asiyeni, manja a dokotala anena kale. Mzere woyamba ngati m- wa mng'ono mukumutchula payekha ukukwana 9, mukameza ukhala 8, ndiye muwauze a kwaya onse atchule mofanana. Wachitatu ma-nja-a-do-ko-ta-la-a-ja ndi 9 papepala koma ma a oyandikanawo poyimba amamezana, mudzamva ngati 7. Mwina manja onse a chipatala, kaya, muyesere pakamwa

Aphunzitsi a Kwaya: Ndinaona ngati ndi anu ndaikonda chifukwa simukulamula anthu kuti akhulupirire, mukungonena zimene inu munaona. Munthu uja wa pa Yohane 9 atapanikizidwa ndi mafunso anangoti chimodzi ndikudziwa, ndinali wosaona tsopano ndikuona. Pa shawelo yomaliza musawonjezere kufotokoza, mukangoti yafunda munthu lowani korasi.

Mnyamata wa Moto: Nanga masiku 21 aja atayika basi? Ine zikundiwawabe, kusala ndi chinthu chabwino ndipo amayi anasaladi

Alito wa ku Chilomoni: Ndinasaladi achimwene koma Mulungu akudziwa, mpingo sukufunika kudziwa. Chomwe sindinaganize bwino ndi choti mwanayo ndidzamunyamule poyimba kapena akhale ndi bambo ake pa benchi. Mtima wina ukuti ndi tsiku lake, wina ukukumbukira zimene asisi anena

Mlongo wa Kumbuyo: Pamenepo sindingakusankhireni. Mwana si chodzitamira, ndi mwana. Ine zimene zimandipweteka ndi mawu, osati khanda. Koma wina wa ngati ine akhoza kuyankha mosiyana

Amayi a Mvano: Kambiranani ndi bambo usiku uno pamodzi ndi mawuwo. Shaweloyo yokha usaiwale kubwera nayo

Wa Kiyibodi: Pulakatisi Lachinayi 5 koloko amayi, mubwere ndi mawu olemba pamapepala okwana anthu 25, ndipo munditumiziretu mawu anu mukuyimba vesi yoyamba kuti ndipeze kiyi, ija ya poyamba inali yokwera kwambiri kwa alito